Mankhwala otsegula mphuno, madzi amchere kapena mapiritsi: titenge ziti chimfine chikatigwira?

Mphuno ikatsekeka, ambiri timaganiza kuti mwadzaza mamina. Minani mmene mungathere, mpweya sudutsabe, chifukwa chotseka njira kwenikweni ndi kutupa. Mkati mwa mphuno muli timinofu todzaza ndi mitsempha ya magazi, ndipo chimfine chikabwera mitsemphayo imakula, timinofuto nʼkufufuma. Ndiye poyerekeza mankhwala, funso ndi lakuti aliwonse akuchita chiyani ndi kutupako.

Opopera otsegula mphuno, monga okisimetazolini ndi zailometazolini, palibe owaposa pa changu. Amafinya mitsempha ija, ndipo pasanathe mphindi 10 munthu wayamba kupuma bwino. Okisimetazolini amatha kugwira mpaka maola 12, nʼchifukwa chake amati muzipopera kawiri kokha pa tsiku. Koma werengani pakabotolo: ena amalemba kuti musapitirire masiku 3, ena 5, ena 7. Malirewo si ongolemba.

Mitsempha ikamafinyidwa tsiku ndi tsiku imayamba kugontha, siimvanso mankhwala ngati poyamba. Mphamvu yake ikatha, imatupa kuposa mmene chimfine chinaitupitsira. Tiyerekeze munthu wayamba kupopera Lolemba, mmawa ndi madzulo. Mlungu woyamba zonse zili bwino. Mlungu wachiwiri kuyetsemula kwatha, pakhosi papola, mamina achepa, koma mphuno ikutseka pakangopita maola 6. Iye akuti chimfine chakakamira, nʼkuwonjezera kupopera masana. Pofika mlungu wachitatu akudzuka pakati pa usiku kufufuza kabotolo, ndipo mpumulo wake ndi wa maola awiri kapena atatu basi. Chimfine wamba chimatha pa masiku 7 mpaka 10, ndiye chimene akulimbana nacho pano ndi mankhwala omwewo. Chizindikiro chake nʼchimenechi: zina zonse zapola, kwatsala kutsekeka kokha, mbali zonse ziwiri, ndipo nthawi yapakati pa kupopera ikufupikirafupikira. Ena mkati mwa mphuno mumauma, mumawotcha, mwinanso kutuluka timagazi.

Madzi amchere opopera, amene amakhala ndi magalamu 9 a mchere pa lita imodzi, safinya mtsempha uliwonse. Amangofewetsa mamina ndi kutsuka mʼmphuno. Kunena zoona, amene analawapo changu cha okisimetazolini amawaona ngati masewera, chifukwa mphuno simatseguka kuti ngʼamba. Ubwino wake ndi wakuti mungapopere kangapo pa tsiku, kwa milungu, popanda kutupa kobwerera, ndipo ndi amene amayenera ana aangʼono, omwe sayenera kupatsidwa otsegula aja popanda dokotala. Ngati mukusakaniza nokha, madziwo akhale owiritsa ndi ozizitsa.

Mapiritsi a sudoefedrini nawonso amafinya mitsempha, koma amadzera mʼmagazi ndipo amafika thupi lonse. Vuto la kutupa kobwerera si lawo kwenikweni, komabe amatha kukweza kuthamanga kwa magazi, kugunditsa mtima ndi kusowetsa tulo. Wodwala mtima kapena wothamanga magazi asawayandikire asanafunse dokotala, ngakhale opopera aja ayambe wafunsa.

Palinso opopera a siteroyidi, monga fulutikazoni ndi mometazoni. Kabotolo kamafanana ndi ka otsegula, ndipo anthu amasokoneza, koma ntchito ndi ina. Awa amachepetsa kutupa pangʼonopangʼono, amatenga masiku kuti amveke, motero pa chimfine cha mlungu umodzi sathandiza kwenikweni. Malo awo ndi mphuno yotseka chifukwa cha fumbi kapena mungu, komanso pothandiza munthu uja amene wakodwa ndi otsegula mphuno.

Kwa ine, pa chimfine wamba, madzi amchere ndiwo akhale a tsiku lonse, otsegula aja asungidwe a pogona pokha, kwa masiku atatu amene mphuno yavuta kwambiri. Lembani pakabotolo tsiku limene mwayamba, chifukwa masiku a chimfine amasokonekera mʼmutu.

Nanga amene wakodwa kale? Njira zilipo ziwiri. Kusiya kamodzinʼkamodzi nʼkwachidule koma nʼkowawa: masiku oyamba mphuno imatsekeratu, munthu amagona kukamwa kuli yasa, ndipo nthawi zambiri zimatenga mlungu umodzi kapena iwiri kuti zikhazikike. Ina ndi kusiya mbali imodzi kaye. Mupitirize kupopera kumanja kokha kuti muzipuma, kumanzere kukayamba kutseguka kokha musiyenso kumanja. Panjira iliyonse madzi amchere amathandiza, kugona mutu uli pamwamba kumathandizanso, ndipo dokotala angakupatseni siteroyidi wopopera kuti masiku ovutawo apepuke. Koma ngati mbali imodzi yokha ndiyo yotseka nthawi zonse, kapena nkhope ikupweteka ndipo thupi likutentha, kapena milungu iwiri yadutsa mutasiya koma palibe kusintha, pitani akakuoneni mʼmphunomo.