Dzina lalikulu la pakatoni kapena kamzere kakang'ono kapansi pake, tidalire chiti?

Pakatoni ya mankhwala pamakhala maina awiri koma ambirife timangowerenga limodzi, lija la zilembo zikuluzikulu. Limenelo ndi la malonda basi, amasankha ndi akampani. Linalo limabisala pansi pake kapena m'mbali, tizilembo ting'onoting'ono totsatana ndi nambala, ndipo ndi limene limanena chomwe chili mu piritsimo chimene chikagwire ntchito m'thupi mwanu. Pakatoni ya panado mupeza palembedwa Paracetamol 500 mg, kutanthauza kuti piritsi limodzi lili ndi mamiligalamu 500 a parasetamo.

Kudalira dzina lalikulu ubwino wake ndi woti silivuta kukumbukira, komanso ngati mtundu wina unakuyanjani mumaupezanso msanga. Zabwino zake zathera pomwepo. Vuto lake ndi loti mankhwala amodzimodzi amagulitsidwa ndi maina ambirimbiri, ndiye munthu mutu ukumupweteka amamwa mapiritsi awiri a panado, kenako chimfine chavuta akumwanso mapiritsi a chimfine a dzina lina osadziwa kuti ambiri mwa amenewo alinso ndi parasetamo mkati. Iyeyo akuona ngati wamwa mankhwala awiri osiyana pomwe chiwindi chake chalandira chinthu chimodzi kawiri. Wamkulu sayenera kupyola 4000 mg pa maola 24, amene ndi mapiritsi 8 a 500 mg, ndipo choopsa cha parasetamo ndi choti ukapyola muyezo tsiku loyamba umatha kumva bwinobwino, chiwindi chikuwonongeka mwakachetechete. Zikatero osadikira kuti muyambe mwamva kuwawa, thamangani kuchipatala ndipo makatoniwo muwatenge.

Kamzere kakang'ono kaja nkovutirapo kuwerenga, maina ake ngatalitali opinda lilime, koma simukufunika kuwatchula bwino ayi, mungofananiza zilembo. Ikani makatoni awiriwo pamodzi, ngati liwu limodzimodzi likuoneka ponse pawiri ndiye kuti musamwe onse nthawi imodzi musanafunse adokotala kapena a ku famase. Ndipo mukaona Acetaminophen dziwani kuti ndi parasetamo yemweyo, ku Amereka amamutchula choncho.

Pa mankhwala amadzi a ana ndi pomwe dzina lalikulu limapusitsa kwambiri. Tiyerekeze mabotolo awiri, dzina limodzi, onse parasetamo, makatoni ake ofanana ngati mapasa. Loyamba palembedwa 120 mg/5 ml, lachiwiri 250 mg/5 ml. Nambala yoyamba ndi kuchuluka kwa mankhwala, yachiwiri ndi kuchuluka kwa madzi omwe mankhwalawo alimo. Ndiye tinene kuti adokotala anati mwana azimwa 10 ml akunena botolo loyambalo, mu 10 ml muli ma 5 ml awiri, ndiye 120 kawiri, mwana walandira 240 mg. Botolo lija latha mwagula lachiwiri osayang'ana, mwathira 10 ml yomweyo mukakapu komweko, koma pano ndi 250 kawiri, 500 mg, kuposa kuwirikiza kawiri, pomwe inu m'maso mwanu palibe chasintha. Nchifukwa chake ine ndimati akakuuzani ma ml okha funsani kuti a botolo la mphamvu yanji. Nambala ina yoima payokha ngati 100 ml musaisokoneze ndi mphamvu, imeneyo ikungonena kukula kwa botolo. Poyeza gwiritsani ntchito kakapu kapena sirinji yomwe yabwera m'katonimo, masipuni akukhitchini sakhala ofanana.

Koma naye kamzere kakang'ono kali ndi msampha wake, anthu akangodziwa kuwerenga manambala amayamba kuyerekeza zosayerekezeka. Wina amaona aibupulofeni wa 200 mg nkumati ameneyu ngofooka poyerekeza ndi parasetamo wa 500 mg, ndimwe ambiri. Ayi ndithu, manambala amafananizidwa pokhapokha dzina laling'onolo lili limodzi, mankhwala alionse ali ndi muyezo wakewake. Yang'aninso tizilembo takumapeto kwa nambalayo, 1 g ndi 1000 mg, ndiye piritsi lolembedwa 1 g likufanana ndi awiri a 500 mg ngakhale nambala yake ikuoneka yaing'ono.

Kwa ine posankha dzina lalikulu lingokuthandizani kupeza katoni pashelefu, zina zonse muzitenga pakamzere kapansi. Mukachotsa mapiritsi m'katoni muone kuseri kwa kapepala konyezimira kaja, nthawi zambiri dzina laling'ono ndi nambala yake amazilembanso pamenepo, ndiye osamadula kapepalako mpaka zilembo zonse kutha.