Kulemera kwa ng'ombe: chithunzi chimodzi, ziwiri, kapena tepi ya telala?

Mlamu wanga wa ku Katete ananditumizira pa WhatsApp chithunzi cha ng'ombe yake yaikazi ya mtundu wa Angoni, nati ndimupezere wogula kuno ku Chipata. Wogula aliyense amayamba ndi funso limodzi: ili ndi makilo angati? Sikelo kumudziko kulibe, choncho tinayesa njira zitatu pa ng'ombe imodzimodziyo.

Zonse zitatu zimathera pa masamu a Schaeffer, amene m'masentimita amalembedwa chonchi:

```
kg = G × G × L ÷ 10840
```

L ndi utali kuchokera pansonga ya phewa kukafika pafupa losongoka la pambali pa mchira. G ndi muyeso wozungulira chifuwa, kuseri kwenikweni kwa miyendo yakutsogolo, linunda osaliphatikiza. Onani kuti G akulowa kawiri. Mukaphonya pamenepo, mwaphonya kawiri.

Chithunzi chimodzi cha m'mbali n'chimene anthu ambiri amafuna chifukwa n'chosavuta. Mlamu anaimika mwana wake ndi ndodo ya mita imodzi pambali pa ng'ombe. Pagalasi la foni yanga ndodoyo inakwana masentimita 8 ndi rula, kutanthauza kuti sentimita iliyonse ya pachithunzi ndi 12.5 pang'ombe. Utali unali 10, ndiye kuti 125. Kuchokera pamsana kutsika pansi pa chifuwa unali 5, ndiye kuti 62.5. Utali unapezeka bwino, koma kuzungulira kwa chifuwa sikuoneka pachithunzi cha m'mbali. Mukaganiza kuti chifuwa n'chozungulira ngati mgolo n'kuchulukitsa 62.5 ndi 3.14, mupeza 196, ndipo masamu akupatsani makilo 443. Amene anawetapo Angoni aseka. Chifuwa cha ng'ombe n'chophwatalala m'mbali, chili ngati dzira, osati mgolo.

Ndiye pamafunika chithunzi chachiwiri choonetsa kutambalala kwa chifuwa. Chojambula kumbuyo sichithandiza, chifukwa mimba ndi chiuno zimabisa malo ofunikawo. Mlamu anakwera pangolo n'kujambula kuchokera pamwamba, mwana atagwira ndodo ija pambali pa nthiti, ndipo tinapeza masentimita 40. Tikaphatikiza 62.5 ndi 40, n'kuchulukitsa ndi 1.57, amene ndi theka la 3.14 uja, G akukhala 161. Makilo akutuluka pafupifupi 299. Apa tsopano zikumveka.

Koma njira imeneyi ili ndi msampha umene unatigwira poyamba. Pachithunzi choyambirira, tisanajambule chimene ndafotokoza pamwambapa, mwanayo ankaopa kumenyedwa theche, ndiye anaima chapatali, ndodo ili pafupi ndi wojambula kuposa ng'ombe. Chinthu chapafupi chimaoneka chachikulu. Wojambula akaima mamita 4 kuchokera pang'ombe, ndodo n'kukhala theka la mita kuchokera pang'ombeyo kuloza kwa wojambula, miyeso yonse ya ng'ombe imachepa ndi gawo limodzi mwa magawo 8. Zikuoneka zazing'ono, koma kuchepako kumalowa katatu, kamodzi mu L, kawiri mu G, ndipo zikachitika pazithunzi zonse ziwiri, ng'ombe ya makilo 299 imasanduka ya 200. Chizindikiro chake chili pansi: onani ngati mapazi a wogwira ndodo ali pamzere umodzi ndi ziboda. Akaoneka mmunsi mwa ziboda pachithunzi, jambulaninso. Njira yabwino ndi kugoneka ndodo motsatira msana, wojambula n'kuima patali, foni ili pamlingo wa nthiti. Ng'ombe ikapendeka pang'ono kuloza kwa wojambula, utali umafupikanso.

Loweruka lotsatira ndinapita ndekha ndi tepi ya telala. Imeneyi imathera pa masentimita 150, choncho tinazunguliza chingwe chosatamuka pachifuwa n'kuchiyeza pambuyo pake. Tinachita m'mawa ng'ombe isanatuluke m'khola, itaima mowongoka, mutu uli m'mwamba. G anali 158, L anali 124, makilo 286. Ntchito yonse inatenga mphindi zochepa, ngakhale kuti anthu awiri anachita kuigwira, ndipo mmodzi anapondedwa chala.

Kusiyana kwa makilo 13 pakati pa zithunzi ziwiri ndi tepi sikunandidetse nkhawa, poti ngakhale tepiyo ndi yongoyerekeza. Ng'ombe ya bere kapena yowonda kwambiri mu Okutobala imasokoneza masamuwa, kaya mwayeza ndi chiyani. Ine ndimati ngati ng'ombe mungathe kuigwira, tengani tepi, foni ikhale m'thumba. Zithunzi ziwiri n'zoyenera pamene ng'ombe ili kutali ndipo mukufuna kudziwa ngati ulendo wa ku Petauke kapena Lundazi uli ndi phindu, kapena ngati ili yolusa yosalola chingwe. Chithunzi chimodzi chingakuuzeni utali basi, mtengo musakambirane nacho.

Wogula tinamuuza kuti ili pakati pa makilo 280 ndi 300, ndipo anabwera ndi chingwe chake kudzayezanso.