Ndemanga ya pulogalamu yowerenga zithunzi: zotayipa imawerenga bwino, koma kope la ngongole musaisiyire yokha

Ndine mlembi wa kalabu ya alimi a kachewere kuno ku Angoniya, cha kufupi ndi Domwe. Pulogalamu yowerenga zolembedwa pa chithunzi ndinaiika m'foni kumayambiriro kwa dzinja, ndipo ndaigwiritsa ntchito mpaka titamaliza kugulitsa. Ndinali ndi zifukwa ziwiri. Kope la kalabu linayamba kuthothoka masamba, ndiye ndinkafuna kuti manambala onse alowe m'foni. Komanso bambo anga, amene anali mlembi ine ndisanalowe, maso awo achita ng'ala, moti zilembo zing'onozing'ono saziona. Pulogalamuyi imachita zinthu ziwiri: imawerenga mawu a pa chithunzi n'kuwasandutsa mawu otayipa, ndipo imathanso kufotokoza m'chiganizo chimodzi zimene zili pa chithunzipo. Pa nyenyezi zisanu ndikuipatsa zitatu.

Zabwino zake sizifuna mawu ambiri. Fatura yotayipa ya m'Chipwitikizi imene tinatenga ku Tete, kalata ya ku boma ku Ulongwe, thumba la fetereza lolembedwa 12-24-12, zonsezi inawerenga osaphonya. Malisiti a ku Dedza a m'Chingerezi chimodzimodzi, bola akhale asanafufuke. Kuwerenga zilembo kumatheka popanda netiweki, koma kufotokoza chithunzi kumafuna mamega.

Mavuto anayamba nditafika pa kope lolemba pamanja. Tsamba lina linali ndi mizere 18, mzere uliwonse dzina la membala ndi ndalama imene watsala nayo pa ngongole ya mbewu. Pansi bambo anawonkhetsa n'kulemba 38.400. Nditajambula tsambalo, manambala n'kuwasamutsira pa tebulo la m'foni, zonse pamodzi zinatuluka 44.400. Ine sindinayang'ane pansi pa tsamba. Ndinangokhulupirira foni, chifukwa manambala anali atandandalika bwinobwino, opanda chofufuta ngakhale chimodzi.

Pamsonkhano ndinawerenga kuti mayi wina wamasiye watsala ndi 7.700 metikali. Anaimirira mwaulemu n'kunena kuti, "Alembi, ine ndimadziwa kuti yatsala 1.700. Kapena ndasokoneza ndine?" Ndinaona kuti mtima wawo wagunda, pakuti kwa mayi amene uja kusiyana kumeneko ndi matumba angapo a kachewere. Titatsegula kope, panalidi 1.700. Ndinapepesa pamaso pa anthu onse, ndipo mpaka lero nkhaniyi imandiwawa.

Chinachitika n'chiyani? Ife amene tinaphunzira sukulu za kuno timalemba 1 wokhala ndi kamzere kotsetsereka kutsogolo, ndipo 7 timamudula pakati kuti asiyane. Anzathu ambiri a ku Malawi amalemba 1 ngati kamtengo kongoimirira. Bambo anga kamzere ka 1 amakakoka kwambiri, ndiye kwa pulogalamu yozolowera 7 wosadula, chimenecho ndi 7 basi. Pa tsamba lomwelo ma 1 ena inawawerenga bwino. Inaphonya mmodzi yekha, amene dzanja la bambo linapendekera.

Mng'ono wanga amene akuphunzira zamakompyuta ku Tete anandifotokozera mmene zimayendera, ndipo zimene ndakhala ndikuona zikugwirizana nazo. Choyamba pulogalamu imafufuza pamene pali zolembedwa, n'kuzidula mzere ndi mzere. Kenako imayang'ana maonekedwe a zilembo n'kusankha chimene chikufanana kwambiri ndi zimene inaphunzitsidwa. Chilembo chikakhala chosaoneka bwino, imatsamira pa zilembo zoyandikana nacho, kuti patuluke mawu amene imawadziwa. N'chifukwa chake mawu a Chipwitikizi amatuluka bwino ngakhale pepala lili lodetsedwa. Koma nambala ilibe chotsamira. 1.700 ndi nambala yabwinobwino, 7.700 nayonso ndi yabwinobwino, ndipo palibe chouza makina kuti ina mwa ziwirizi siyenera kukhala pamenepo.

Kutsamira kumeneku kumapwetekanso Chichewa. Pamene bambo analemba kuti "feteleza", foni inatulutsa fortaleza. Inaona zilembo zofanana ndi mawu a Chipwitikizi amene imawadziwa, n'kuwakokera kumeneko. Kachizindikiro ka mu "ng'ombe" kamasowa kawirikawiri, koma zimenezo sizivuta, munthu umadziwa. Zimene ndaphunzira n'zakuti zolakwa zake zili mitundu iwiri. Pali zophwanyikaphwanyika, zilembo zosakanikirana zopanda tanthauzo, ndipo izi siziopsa chifukwa zimadzionetsa zokha. Ndiye pali zotuluka zosalala, mawu enieni kapena nambala yeniyeni, koma si imene ili pa pepala. Pulogalamu imene ndili nayo siika chizindikiro chilichonse pamene yakayikira. Chimene yaona bwino ndi chimene yangoganizira zimatuluka ndi zilembo zofanana. Nyenyezi imodzi ndaichotsera pamenepa.

Panopa tsamba lililonse ndimaliyesa ndi chiwonkhetso cha pamanja. Ndimachotsera ziwirizo n'kuyang'ana chotsalacho, chifukwa chimaloza pamene pali vuto. Tsiku lija kusiyana kunali 6.000, ndipo 7 kuchotsa 1 ndi 6. Tsono kusiyana kukakhala 6, 60, 600 kapena 6.000, ndimayamba ndafufuza 1 amene wasanduka 7, kapena 0 amene wasanduka 6. Kukakhala 5, 50 kapena 500, ndimayang'ana 3 ndi 8, kenako 4 ndi 9. Njirayi imathandiza cholakwa chikakhala chimodzi. Zikakhala ziwiri pa tsamba limodzi, palibe kuchitira mwina, umatsata mzere ndi mzere chala chili pa kope. Mizere ya malonda imakhala yosavuta chifukwa imadziyesa yokha. Wina unali wa matumba 17 pa mtengo wa 1.250, ndalama zonse 21.250. Foni inati matumba 77. Ukachulukitsa 77 ndi 1.250 umapeza 96.250, ndiye nthawi yomweyo umadziwa kuti china chake chapotoka.

Palinso vuto la ife okhala m'malire. Kuno timalemba 1.250,00 koma tsidya lina, ku Dedza kapena ku Ntcheu, nambala yomweyo amalemba 1,250.00. Kadontho ndi mpatuliro zimasinthana ntchito. Pulogalamu imatha kuwerenga zizindikirozo molondola, koma ukasamutsira pa tebulo la m'foni imene inatcheredwa m'Chingerezi, 1.250 amasanduka 1.25, metikali imodzi ndi timasentavu. Apa kuwerenga sikunalakwe, chalakwa ndi tanthauzo, koma zotsatira zake n'zimodzi. Ndipo pamanja MT ndi MK zimafanana ukalemba mothamanga. Kawiri konse kwacha inasanduka metikali. Tinagwirizana kuti m'kope tizilemba mawu onse, "kwacha" kapena "metikali", ndipo tisamaike kadontho pa masauzande.

Chimene chinandichititsa mantha kuposa zonse ndi cha mankhwala. Bambo ankagwiritsa ntchito foni kuti iziwawerengera mokweza zolembedwa pa mapaketi. Pa paketi ya mankozebu, uja timapopera chiwawu cha kachewere, panalembedwa 2,5 kg/ha. Paketiyo ndi ya pulasitiki yonyezimira, ndipo inali itapindika pamene panali mpatuliro. Foni inawerenga 25 kg/ha, kuwirikiza kakhumi. Mwamwayi bambo alima kachewere zaka zambiri. Anandiitana n'kuti, "Iwe, tabwera udzaone, mlingo umenewu si wa munda, ndi wa mudzi wonse." Nditawongola paketi n'kujambulanso pamthunzi, inawerenga bwino. Mpatuliro ndi kachizindikiro kochepetsetsa pa pepala, kamasowa msanga ndi kuwala kapena khwinya, koma ndi kamene kanyamula mlingo. Munthu wosaona bwino amene alibenso chizolowezi cha ulimi akanasungunula mankhwalawo monga foni yanenera. Nyenyezi yachiwiri yachoka apa. Kunyumba kwathu tsopano mlingo wa mankhwala, a m'munda kapena a ku chipatala, umawerengedwa ndi maso a munthu.

Mbali yofotokoza zithunzi ndinaiyesa chifukwa cha bambo omwewo, kuti azidziwa zithunzi zimene abale amatumiza. Zinthu zikuluzikulu imazindikira: munthu, njinga, galimoto, munda. Zathu zenizeni ndiye imazipatsa mayina a kwina. Nsima inati ndi mbatata yopota. Nkhokwe inati ndi kanyumba kaudzu. Mulu wa kachewere wongokumba kumene, wadothi, inati ndi miyala. Sikuti ikunama dala, ikutchula chinthu chapafupi kwambiri pa zimene inaonetsedwa pophunzitsidwa, ndipo zikuoneka kuti nkhokwe sinaione kokwanira. Kuwerengera zinthu nakonso n'kofooka. Matumba 9 osanjikizana pa ngolo inati alipo 6. Nthawi zina imawonjezera chimene kulibe: chithunzi cha ngolo ili yokha pakhomo, inati ikukokedwa ndi ng'ombe, chifukwa pa zithunzi zambiri ngolo imakhala ndi ng'ombe. Munthu woona amazindikira msanga, koma bambo alibe poyesera, amamva ndi kulandira.

Kajambulidwe kanachepetsa zolakwa kwambiri. Chithunzi ndi timadontho tambirimbiri, ndipo ukajambula masamba awiri nthawi imodzi uli patali, nambala iliyonse imagawiridwa timadontho tochepa, moti 3 ndi 8 zimangofanana. Ine ndimajambula theka la tsamba, foni ili pamwamba penipeni osati chammbali, pakhonde pomwe pali kuwala koma dzuwa silikuwomba pepala, ndipo tochi ya foni ndimazimitsa chifukwa imanyezimiritsa. Tsamba ndimalipanikiza kuti ligone, pakuti pamene lapindikira ku msana wa kope mizere imakhota, ndipo dzina la munthu wina limatha kulumikizidwa ndi ndalama ya wam'munsi mwake. Zolemba ndi pensulo ndi makope a kaboni zimavuta kuposa za bolopeni yakuda. Chithunzi chimene wina wakutumizira pa mauthenga nthawi zambiri chimafika chitafinyidwa kuti chisadye mamega, ndiye ndimapempha kuti atumize ngati fayilo.

Pulogalamuyi ndikupitiriza kuigwiritsa ntchito, ndipo wogulitsa m'sitolo kapena mlembi amene ali ndi mafatura ambiri otayipa imuthandiza ndithu. Ntchito yokopera masamba 40 imene ikananditengera sabata yathunthu ndinaimaliza m'masiku awiri, kuphatikizapo kuyesa tsamba lililonse. Pempho langa kwa opanga ndi lakuti nambala imene makina akayikira izituluka ndi mtundu wina, ndipo powerenga mokweza izinena kuti apa sipakuoneka bwino. Kope lija sitinataye. Tinalikutira ndi pulasitiki, ndipo pamsonkhano uliwonse ndimawerenga za m'foni, msungichuma akutsatira m'kopemo.