Ndemanga yanga pa makalasi a Loweruka a samu za magetsi: nyenyezi 4 mwa 5

Ndikuphunzira zamagetsi, ndipo chaka chatha ndinakanirira pa manambala a kompuleksi, aja olembedwa ngati 3 + 4j. Kuphatikiza sikunkandivuta. Koma akati chulukitsa awiri kapena gawa, pepala limadzaza ndi manambala, yankho n'kutuluka lolakwikabe. Mnzanga wina ndi amene anandilozera kwa aphunzitsi ena opuma pa ntchito ku Chilobwe, omwe amaphunzitsa m'garaja kunyumba kwawo Loweruka m'mawa. Ndinalipira makalasi 6 ndipo ndinapita onse. Ndikulemba izi kuti amene mukufuna kulembetsa mudziwiretu zomwe mukapeze.

Tsiku loyamba sanatilole kugwira kakyuleta. Anatigawira pepala la magalafu, rula ndi pulotirekita, n'kutiuza kuti tiyende mabokosi 3 kumanja, 4 m'mwamba, tiike kadontho, kenako tijambule muvi kuchokera pakati kukafika pa kadonthopo. Titayeza, muviwo unali wa mabokosi 5 ndipo unapendekeka madigiri 53 kuchokera pa mzere wogona. Iwo anati: "Ana anga, nambala ndi yomweyo. Mukhoza kundilondolera kwanu ponena kuti ndipite chakum'mawa mwakuti n'kukhotera kumpoto mwakuti, kapena mungondiloza ndi chala n'kundiuza mtunda wake." Kulondolera koloza ndi chalako ndiye kalembedwe ka pola: utali wa muvi ndi ngodya yake. Utali umapezeka ndi √(3² + 4²) = 5, ngodya ndi tan⁻¹(4/3) = 53.13°, ndiye 3 + 4j timailemba 5∠53.13°.

Ndalama zanga zinabwerera pa kalasi yachiwiri. Anatipatsa (3 + 4j)(1 + j) kuti tiyambe ndi njira yaitali. Ukamasula mabulaketi umapeza 3 + 3j + 4j + 4j², ndipo popeza j² ndi −1, yankho ndi −1 + 7j. Kenako anati tisinthe 1 + j kukhala pola, yomwe ndi 1.414∠45°, ndipo tichulukitse mautali okha, ngodya zija tingoziphatikiza. 5 × 1.414 ndi 7.07, pomwe 53.13° + 45° ndi 98.13°. Anatiuza tijambule −1 + 7j pa pepala lomwe lija. Ndinaika rula: mabokosi 7 ndi kapang'ono. Ndinaika pulotirekita: madigiri 98. Ndinakhala kaye duu n'kumayang'ana pepalalo, chifukwa njira ziwiri zosafanana n'komwe zinandifikitsa pa kadontho kamodzi.

Chimene ndimawayamikira kwambiri n'chakuti sanatisiye ndi lamulo loloweza. Anationetsa kuti kuchulukitsa ndi nambala ya kompuleksi ndi kuchita zinthu ziwiri kwa muvi: kuutalikitsa ndi kuutembenuza. Kuchulukitsa ndi 1 + j kunatalikitsa muvi wathu ka 1.414 n'kuutembenuza madigiri 45. Anatenganso j yekha, yemwe ndi 1∠90°. Ukachulukitsa ndi j kamodzi, muvi woloza kumanja umaloza m'mwamba. Ukabwereza, waloza kumanzere, pa 180°, pamene pali −1. Zaka zonsezi ndinkangovomereza kuti j² = −1 chifukwa buku latero, osadziwa kuti ndi kutembenuka kawiri basi. Kwa ofuna umboni, analemba pa bolodi (cos A + j sin A)(cos B + j sin B) n'kumasula. Mbali yopanda j inatuluka cos A cos B − sin A sin B, yomwe tonse tinaizindikira kuti ndi cos(A + B) ya ku sekondale ija, ndipo mbali ya j inatuluka sin(A + B).

Samu yomweyi anaigwiritsanso ntchito potionetsa msampha umene unkandigwetsa nthawi zonse. Ukafuna ngodya ya −1 + 7j n'kungolemba tan⁻¹(7 ÷ −1), kakyuleta imakupatsa −81.87°, osati 98.13°. Siinalakwe ayi. Iyo imangoona −7, siidziwa ngati minasi inali pa 1 kapena pa 7, ndiye imakupatsa ngodya ya 1 − 7j, muvi woloza mbali yotsutsana. Nambala yoyamba ija ikakhala ya minasi, uyenera kuwonjezera 180°, ndipo −81.87° + 180° ndi 98.13°. Lamulo lawo linali lakuti usanadine batani jambula kamuvi m'mphepete mwa pepala, ngakhale kokhotakhota. Muvi ukaloza m'mwamba chakumanzere, ngodya iyenera kukhala pakati pa 90° ndi 180°, ndipo yankho lina lililonse ndi lokayikitsa. Batani la Pol( limasamala zimenezi lokha, koma anatiphunzitsa batanilo titazolowera kaye kujambula. Ankayenderanso benchi lililonse kuona ngati pa sikirini pali D kapena R. Ine tsiku lina ndinapeza 0.927 m'malo mwa 53.13, ndipo anangoloza ka R kaja ndi choko: kakyuleta inali pa maradiyani.

Anatichenjezanso malire a njirayi. Pola ndi ya kuchulukitsa ndi kugawa, osati kuphatikiza. Mnyamata wina anaphatikiza manambala athu aja n'kulemba 6.414∠98.13°. Yankho loona umalipeza pobwerera ku kalembedwe koyamba: (3 + 4j) + (1 + j) = 4 + 5j, yomwe ndi 6.40∠51.34°. Taonani mmene utaliwo wayandikirana, moti munthu akhoza kuganiza kuti wakhoza, chonsecho ngodya yasochera ndi madigiri pafupifupi 47.

Pa kalasi yachinayi m'pamene zinalumikizana ndi ntchito yathu. Anatipatsa koyilo ya impidansi 30 + 40j, yomwe ndi 50∠53.13°, yolumikizidwa ku magetsi a mavoti 230. Pogawa, mautali umagawa, ngodya umachotsera: 230∠0° ÷ 50∠53.13° = 4.6∠−53.13°. Ndiye kuti mukuyenda maampu 4.6, ndipo minasiyo ikukuuza kuti karenti ikutsalira m'mbuyo mwa voteji. Ukatenga cos 53.13° wapeza 0.6, pawa fakita yake. Samu yomwe kale inkanditengera theka la tsamba inatha m'mizere itatu.

Nyenyezi imodzi ndachotsa pa zifukwa ziwiri, ndipo ndinawauza iwo eni. Tinalipo 14 m'garaja yokwana mwina anthu 8, moti okhala kumbuyo ankachita kuimirira kuti aone m'munsi mwa bolodi. Komanso mapawa ndi marutsi anawasiya mpaka Loweruka lomaliza n'kuwathamangira. Za mapawa ndinatsatira, chifukwa n'kubwereza zomwe zija: (1 + j)⁸ ndi 1.414⁸∠(8 × 45°), kutanthauza 16∠360°, yomwe ndi 16 chabe. Koma chifukwa chimene nambala imodzi imakhalira ndi makiyubu rutsi atatu otalikirana madigiri 120 anangochikhudza m'mphindi zochepa nthawi itatha kale, ndipo ndinakachimvetsa ndili kunyumba nditajambula ndekha.

Ngati mukupita, tengani pulotirekita yanu chifukwa zawo zilipo zochepa, ndipo mukafike msanga kuti mupeze benchi lakutsogolo. Mukawapemphenso tsiku loyamba lomwe kuti marutsi adzawapatse kalasi yakeyake.