Njira Ziwiri Zowerengera Chiwongoladzanja pa Ngongole ya K500,000

Amene amasunga mabuku a magulu obwereketsana ndalama kuno ku Kasungu amadziwa kuti mawu akuti "4 peresenti pamwezi" angatanthauze zinthu ziwiri zosiyana. Tiyerekeze kuti mayi wogula soya ku Santhe wakongola K500,000 yoti abweze m'miyezi 6.

Njira yoyamba ndi ya chiwongoladzanja chosasintha, chimene chimawerengedwa pa ndalama yonse imene munthu anakongola pachiyambi. Mwezi uliwonse chimakhala K20,000, ndipo miyezi 6 ikakwana chimafika K120,000. Mukaphatikiza ndi mpamba mumapeza K620,000, kutanthauza K103,333 pamwezi, imene K20,000 ndi chiwongoladzanja ndipo K83,333 ndi yobweza mpamba. Ubwino wake ndi woti aliyense angaiwerenge pa kakyuleta ya mufoni popanda kukangana, n'chifukwa chake imakondedwa m'magulu.

Njira yachiwiri imawerengera chiwongoladzanja pa ngongole imene yatsala basi, komabe ndalama yopereka pamwezi imakhala yofanana kuyambira mwezi woyamba mpaka womaliza. Ndalamayo imapezeka motere, pamene P ndi mpamba, r ndi chiwongoladzanja cha mwezi umodzi, ndipo n ndi chiwerengero cha miyezi:

```
A = P * r / (1 - (1 + r)^-n)
=PMT(0.04,6,-500000)
```

Mzere wachiwiriwo ndi umene mumalemba mu Excel, ndipo yonse iwiri imapereka K95,380.95, yomwe ndi K95,381 tikaifikitsa pa kwacha yathunthu. Ntchito yeniyeni ili pogawa ndalamayi pawiri mwezi ndi mwezi, ndipo lamulo lake ndi lakuti chiwongoladzanja chimayamba kuchotsedwa, kenako chotsalacho n'chimene chimadula ngongole. Mwezi woyamba, 4 peresenti ya K500,000 ndi K20,000, choncho K75,381 imapita ku mpamba ndipo ngongole imatsika kufika pa K424,619. Mwezi wachiwiri chiwongoladzanja chimawerengedwa pa K424,619 imeneyi, n'kukhala K16,985; mpamba umalandira K78,396 ndipo pamatsala K346,223. Mukapitiriza chomwecho, mwezi wachitatu umasiya K264,691, wachinayi K179,898, wachisanu K91,713, ndipo chiwongoladzanja cha mwezi womaliza chimangokhala K3,669. Chonse pamodzi chimakwana K72,287.

Kusiyana kwa njira ziwirizi ndi K47,713 pa ngongole yomweyo, miyezi yomweyo, ndi "4 peresenti" yomweyo. Gwero lake limaonekera bwino m'mwezi womaliza wa njira yoyamba: mayi uja amakhala atabweza kale magawo asanu a mpamba, watsala ndi K83,333 yokha, koma amalipirabe K20,000, yomwe ndi 24 peresenti ya ndalama imene ali nayo m'manja. Amalipirira ndalama zimene anabweza kale. Mukafunsa Excel ndi `=RATE(6,-103333,500000)`, idzakuonetsani kuti 4 peresenti yosasinthayo ikufanana ndi pafupifupi 6.5 peresenti ya njira yachiwiri. Ndiye ngati wobwereketsa wina akuti 4 peresenti yosasintha ndipo wina akuti 5 peresenti pa yotsala, wachiwiriyo ndiye wotchipa, ngakhale nambala yake ikumveka yaikulu.

Kwa ine, pamene njira yachiwiri imaposa kwambiri ndi pa nkhani yobweza msanga, zomwe zimachitikachitika kwa ochita malonda a zokolola. Soya akayenda bwino ndipo mayiyo akafuna kutseka ngongole atangolipira mwezi wachitatu, ndandanda ya malipiro imanena mosabisa kuti apereke K264,691. Pa njira yoyamba yankho limadalira zimene munalemberana: mpamba wotsala ndi K250,000, koma wobwereketsa angathe kuumirira pa magawo atatu otsalawo, omwe ndi K310,000. Funso limeneli ndi lofunika kulifunsa musanasaine.

Njira yachiwiri nayo ili ndi misampha yake. Cholakwika chofala ndi kuika chiwongoladzanja cha chaka pamalo pa cha mwezi. Ngati pepala likunena 48 peresenti pachaka, r ndi `0.48/12`, ndipo mukaiwala kugawa mudzapeza ndalama ya pamwezi yoposa theka la ngongole yonse. Komanso masamuwa amaganiza kuti malipiro onse akubwera pa nthawi yake, moti munthu akadumpha mwezi, mizere yonse yotsatira iyenera kuwerengedwanso, chinthu chotopetsa kwa msungichuma amene ali ndi kope ndi cholembera chokha. Ndalama zolipirira fomu kapena inshuwalansi sizilowa m'ndandanda, ndipo ngati zadulidwa pa mpamba musanaulandire, mtengo weniweni wa ngongoleyo ndi wokwera kuposa umene mwawerenga.

Poonetsetsa kuti ndandanda ili bwino, phatikizani magawo onse a mpamba, ndipo ayenera kukwana K500,000 ndendende. M'chitsanzo chathu pamatsala K1 chifukwa chofikitsa matambala pa kwacha yathunthu, ndipo imeneyo imawonjezedwa pa mwezi womaliza kuti ukhale K95,382. Pakatsala masauzande, bwererani mukaone mzere umene chiwongoladzanja chinawerengedwa pa mpamba woyamba m'malo mwa ngongole yotsala.