Aegisub kapena Subtitle Edit: ndi iti yokonzera filimu yopita ku chikondwerero chakunja?

Mapulogalamu onsewa ndi olembera mawu apansi pa kanema, ndi aulere, ndipo onse amaonetsa mafunde a mawu, moti umaona pomwe munthu wayambira kulankhula ndi pomwe wathera. Amasiyana filimu ikasankhidwa, okonza chikondwerero akayamba kuitanitsa mafayilo.

Aegisub inapangidwira mafayilo a ASS, omwe amasunga mtundu wa zilembo ndi malo pomwe mawu akhale pa kanema. Koma zikondwerero zambiri zimafuna SRT, yomwe imangosunga nambala, nthawi ndi mawu, choncho zokongoletsazo zimatayika. Chimene ndimaikondera ndi danga la Actor, lolembamo dzina la wolankhula pa mzere uliwonse. Imagwiranso pa Mac.

Subtitle Edit kwawo ndi pa Windows, ndipo ine ndimasankha imeneyi chifukwa cha vuto la mafulemu, zithunzi zimodzizimodzi zomwe zimapanga kanema. Tiyerekeze kuti filimu ya mphindi 15 yajambulidwa pa mafulemu 25 pa sekondi, monga timachitira ku Malawi, ndiye DCP, fayilo yoonetsera filimu mu holo, yapangidwa pa 24 popanda kuchotsa fulemu. Mafulemu onse 22,500 a filimuyo tsopano atenga mphindi 15 ndi masekondi 37.5. Mawu omwe anali pa 00:14:00,000 ayenera kupita pa 00:14:35,000. Chizindikiro chake n'chakuti koyambirira mawu amagwirizana ndi pakamwa, koma filimu ikamapita amatsogola kwambiri. Kusuntha mizere yonse mofanana sikuthandiza. Pitani pa Synchronization, musankhe Change frame rate, kuchoka pa 25 kupita pa 24, kenako muonere mzere woyamba ndi womaliza. Aegisub nayo imatha izi ndi Transform Framerate, koma yabisika potulutsa fayilo.

Mndandanda wa zolankhulidwa, wopita kwa womasulira, ndi chinthu china, ndipo apa ambiri timalakwitsa potumiza SRT yomweyo. Mawu apansi pa kanema amafupikitsidwa: mizere iwiri basi, zilembo zosapitirira 42 pa mzere. Koma womasulira wa chikondwerero cha mafilimu aafupi cha ku Clermont-Ferrand ku France, amene akuika filimu yanu m'Chifalansa, Chichewa sachimva. Akufuna nthawi, dzina la wolankhula, mawu onse a Chichewa, Chingerezi chosadula, ndi ndemanga. Agogo akanena kuti "walira mvula walira matope", mulembereni tanthauzo lake, apo ayi adzaganiza kuti akukamba za nyengo. Mu Subtitle Edit, Export custom text format imatulutsa nthawi ndi mawu mwa dongosolo lomwe mwasankha, n'kukamalizira mu tebulo. Aegisub ikatulutsa mawu okhaokha, mayina amabwera koma nthawi imatsala.

Posunga, sankhani UTF-8 kuti ŵ asasanduke zizindikiro zachilendo. Ndipo ngakhale kope la pa FilmFreeway, tsamba la pa intaneti lotumizirapo mafilimu ku zikondwerero, mutalimatira mawu pa chithunzi, sungani lina loyera, chifukwa Chifalansa chija chilibe pokhala ngati Chingerezi chamatidwa kale.