Mpweya wa kaboni wa pakhomo panu: kalikuleta ya pa intaneti, apu yolipira, kapena kope ndi cholembera?

Anzanga akhala akundifunsa kuti njira yabwino yowerengera mpweya wa kaboni umene banja limatulutsa ndi iti. Ndayesapo zitatu: kalikuleta yaulere ya pa intaneti, apu ya pafoni yolipira mwezi ndi mwezi, ndi kuwerengera ndekha m'kope. Ndinene poyera kuti mtima wanga uli pa kope, ndipo chifukwa chake chachikulu ndi makala.

Pa liwiro, kalikuleta yaulere ilibe mnzake: mafunso angapo, yankho latuluka. Apu imajambula bwino ndipo imasunga za mwezi wathawu. Koma imene ndinayesayo, sabata yaulere itatha inayamba kudula ndalama m'madola, ndipo kuti ndione gawo la chakudya palokha inafuna ndilipirenso. Kope limafuna madzulo amodzi, sikelo ndi mauthenga a matokeni a magetsi.

Njira zonsezi zimachita chinthu chimodzi. Umatenga kuchuluka kwa chimene wagwiritsa ntchito pa mwezi, n'kuchulukitsa ndi makilogalamu a CO2, mpweya wa kaboni uja, amene muyezo umodzi wa chinthucho umatulutsa. Kusiyana kuli pakuti nambala yochulukitsirayo wasankha ndani. Tiyeni titenge banja la anthu 5 ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe, lokhala ndi galimoto yaing'ono.

Tiyambe ndi magetsi. Phatikizani mayunitsi a matokeni onse a mweziwo. Yuniti imodzi ndi kWh imodzi. Banjali tinene kuti lagula mayunitsi 150. Ku South Africa, kumene magetsi ambiri amachokera ku malasha, yuniti imodzi imatulutsa makilogalamu pafupifupi 0.9. Ku Britain ndi pafupifupi 0.2. Kwathu kuno magetsi ambiri a ESCOM amachokera ku madzi a mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kuphatikizapo a dzuwa a ku Salima ndi ku Golomoti. Ine ndimaika 0.1, nditakweza dala pofuna kuwerengeramo dizilo wa majenereta othandizira. Choncho 150 kuchulukitsa ndi 0.1 ndi makilogalamu 15 basi. Kalikuleta imene ndinayesa inalibe Malawi pamndandanda wa mayiko, ndipo munthu akasankha South Africa poti ndi pafupi, mayunitsi omwewo amasanduka makilogalamu 135.

Pa mafuta a galimoto njira zitatuzi zimagwirizana, bola muwerenge malita, osati makwacha, chifukwa mtengo wa mafuta sukhazikika. Lita imodzi ya petulo imatulutsa makilogalamu 2.3, ya dizilo 2.7. Galimoto yamwa malita 40 pa mwezi, ndiye makilogalamu 92. Wokwera minibasi agawane mafutawo ndi anzake. Tinene kuti mmodzi wa m'banjali amayenda pa minibasi makilomita 30 patsiku: kwa masiku 22 ndi makilomita 660. Ngati minibasi imamwa malita 12 a petulo pa makilomita 100, malita onse ndi 79, mpweya wake makilogalamu 182, ndipo tikagawira anthu 14 aliyense atenga 13. Apu inandifunsa za maulendo a pandege ndi sitima ya pamtunda, koma minibasi sinaidziwe. Kabaza wa njinga yakapalasa lembani ziro.

Pa chakudya, kalikuleta imangofunsa ngati mumadya nyama "kwambiri" kapena "pang'ono". Pang'ono pa Mzungu ndi pang'ono pa ife n'zosiyana kutali. M'kope mumalemba makilogalamu enieni. Manambala amene ambiri amagwiritsa ntchito ndi ochokera ku kafukufuku wa Poore ndi Nemecek wa mu 2018: kilogalamu ya nyama ya ng'ombe pafupifupi 60, nkhuku 6, mpunga 4, chimanga 1, nyemba pafupifupi 1. Ng'ombe yakwera chonchi makamaka chifukwa cha mpweya wa mitheni umene imageya ndiponso nkhalango zodulidwa kuti pakhale msipu. Banja lathuli ladya ufa makilogalamu 50, ng'ombe 2, nkhuku 4, mpunga 5 ndi nyemba 5. Ndiye 50, 120, 24, 20 ndi 5, zonse pamodzi 219. Makilogalamu 2 okha a ng'ombe aposa thumba lonse la ufa kuwirikiza kawiri. Manambalawa ndi apakati pa dziko lonse lapansi, si a ng'ombe ya kwa agogo, choncho atengeni ngati ongosonyeza kumene kukulemera.

Mpaka pano tafika pa makilogalamu 339 pa mwezi, ndipo apa m'pamene kalikuleta ndi apu zija zinaimira. Nsimayo yaphikidwa ndi chiyani? Funso limeneli munalibe. Munali gasi wa m'mapaipi ndi mafuta otenthetsera nyumba m'nyengo ya chisanu, koma mbaula ayi. Ena amaika makala ndi nkhuni pa ziro, ati mtengo ukadulidwa wina umamera n'kumwanso mpweyawo. Mfundoyi imagwira kumene mitengo ikubwereradi. Aliyense amene waona njinga zodzaza matumba zikutsika kuchokera ku Dzalanyama m'bandakucha akudziwa kuti kuno ikudulidwa mofulumira kuposa mmene ikumerera.

Ndiye yezani thumba lanu pasikelo, chifukwa la "makilogalamu 50" lija dzinalo ndi la chimanga kapena feteleza amene analimo kale. Tinene kuti lalemera makilogalamu 30, ndipo banjali limatha matumba 2 pa mwezi. Kilogalamu ya makala ikapsa pa mbaula imatulutsa makilogalamu pafupifupi 3.3 a CO2. Musadabwe kuti mpweya walemera kuposa makalawo: kaboni ikamayaka imalumikizana ndi okosijeni wa mumlengalenga. Makilogalamu 60 abala 198.

Komatu utsi wambiri unatuluka kale kutchire. Uvuni wa dothi umadya nkhuni makilogalamu 5 mpaka 10 kuti utulutse kilogalamu imodzi ya makala, ndipo kilogalamu ya nkhuni zouma ili ndi kaboni wokwana kutulutsa makilogalamu pafupifupi 1.75 a CO2. Titenge 6: kuchulukitsa ndi 1.75 ndi 10.5 pa kilogalamu iliyonse ya makala. Chenjerani apa, 3.3 uja ali kale mkati mwa 10.5, musamuwonjezerenso. Matumba 2 aja tsopano ndi makilogalamu 630, pafupifupi kuwirikiza kawiri magetsi, galimoto, minibasi ndi chakudya zitaphatikizidwa. Ngati makala anu ndi ochokera m'munda wa mitengo wodzalidwanso, nambalayi itsika kwambiri. Ngati ndi a m'nkhalango yachilengedwe, lembani yonse.

Mwezi wonse wafika pa makilogalamu 969, pa chaka matani pafupifupi 11.6, munthu aliyense 2.3. Popanda makala yankho likanakhala matani 4 okha.

Chimene chinandipweteka kuposa madola aja ndi malangizo amene apu inandipatsa pamapeto: chepetsani magetsi. Kwa mayi wa ku Area 25 mawu amenewa akutanthauza kuzimitsa mbaula ya magetsi n'kukoleza makala. Chikhalirecho, akanati aziphikira magetsi, ngakhale atawonjezera mayunitsi 120 pa mwezi, mpweya wake ndi makilogalamu 12, pamene wa makala ndi 630. Ndikudziwa kuti magetsi amathimathima ndipo thumba la makala silingachoke pakhonde mawa. Koma kuchepetsa thumba limodzi lokha kumachotsa makilogalamu 315, kuposa kuimika galimoto ija miyezi itatu. Gasi wa m'silinda naye amatulutsa makilogalamu pafupifupi 3 pa kilogalamu, ndiye silinda ya makilogalamu 9 ndi 27 basi.

Wokhala ku Johannesburg kapena ku Manchester agwiritse ntchito kalikuleta yaulere, manambala ake anapangira kumeneko. Apu yolipira sindingalimbikitse aliyense. Ngati mumaphikira pa mbaula, tengani kope, ndipo mzere woyamba ukhale wa makala.